Silogani ya tiyi wathu m'Chirasha: tisindikize choncho?

"Abale, kampani yathu ikufuna kutumiza tiyi wa ku Thyolo kwa ogula ena a ku Rasha. Pa paketi timalemba kuti 'Wake up. Warm up.' Mnyamata wina amene anaphunzira kumeneko watimasulira kuti 'Проснись. Разогрейся.' Tisindikize choncho? Mabwana akufuna mawuwo akhale aafupi komanso okoma m'khutu ngati a Chingereziwo."

Achemwali, chonde musathamangire kwa osindikiza. Mnyamatayo Chirasha akuchidziwa ndithu, ndipo galamala yake ilibe banga, koma mawu awiri onsewo ali ndi vuto limene wogula wa ku Moscow kapena ku Kazan angalimve asanatsegule n'komwe paketiyo. Ntchito yomasulira za malonda pakati pa zinenero ziwirizi ndimaigwira, ndiye ndiloleni ndiyende nanu pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi liwu lachiwirilo. Разогрейся, lotchulidwa kuti razaGREYsya, ndi limene mphunzitsi wa masewera amauza osewera mpira asanalowe m'bwalo, kuti atenthetse minofu. Mneni yemweyo ndi amenenso amagwira ntchito munthu akamatenthetsa ndiwo zadzulo. Kufunda kumene inu mukugulitsa, kwa munthu amene wazizidwa n'kufumbata kapu ndi manja awiri, kuli ndi mneni wakewake: согреться. Choncho kungokonza pamenepo tipeza "Проснись. Согрейся", prasNIS saGREYsya. Izi zayamba kuoneka bwino, koma sitinafike.

Vuto lachiwiri ndi limene ife a Chichewa timalimva msanga kuposa Angerezi. Chirasha chili ndi iwe ndi inu: ты ndi вы. Chingerezi chikati "wake up" sichisankha, koma Chirasha sichingalamule munthu chisanasankhe. Проснись ndi "dzuka iwe". Проснитесь ndi "dzukani". Makampani akuluakulu amasankha mwadala. A Snickers, amene amasaka achinyamata, silogani yawo ya "You're not you when you're hungry" anaiika m'Chirasha kuti "Ты не ты, когда голоден", iwe weniweni. A L'Oréal, polankhula ndi amayi amene akufuna kuwapatsa ulemu, amati "Ведь вы этого достойны", kutanthauza kuti pajatu inu n'ngoyenera zimenezi. Tsono dzifunseni kuti tiyi wanuyu adzagule ndani. Ngati ndi mayi wa zaka 45 amene akukankha ngolo m'supamaketi, paketi yomuuza kuti "dzuka iwe" siimukoka. Komanso Проснись ikakhala payokha ndi kadontho kumapeto imamveka yaukali, chifukwa ndi liwu lomwe amauzira munthu amene akulota masana, loti "tatsegula maso, ona zenizeni".

Mwina mukuti, basi tiike inu. Tiyese: "Проснитесь. Согрейтесь", prasNItyes saGREYtyes. Kunena zoona, m'khutu izi n'zokoma. Mawu onse awiri ali ndi maphatikizo atatu, onse akutsindika pakati, onse akuthera mofanana. Kubwereza kwa "up... up" kwapeza kolowera. Koma taonani mtengo wake. Chingerezi chija chili ndi maphatikizo 4, ichi chili ndi 6. Pa paketi, Chingerezi chikudya malo a zilembo 17 mukawerenga ndi mipata ndi timadontho, ichi chikudya 23, ndiye wojambula paketi adzachepetsa zilembo kapena kuthyola mzere. Ndipo mzimu wake wasintha. Malamulo awiri aulemu otsatizana chonchi amamveka ngati malangizo a dokotala kapena chikwangwani cha pa siteshoni. Chingerezi chimakonda kulamula potsatsa malonda ndipo palibe amakhumudwa, koma m'Chirasha kulamula kumalemera kwambiri, makamaka kukakhala kopanda kaliwu kofewetsa. Palinso kena kakang'ono: kukazizira, Arasha akati "tiyeni tifunde" nthawi zina amatanthauza kumeza kachakumwa kaukali. Si chinthu chogwetsa silogani, koma amuna ena adzamwetulira pa chifukwa chimene inu simunafune.

Apa m'pamene ntchito yeniyeni imayambira, ndipo imayamba ndi funso limene muyenera kukafunsa mabwana anu: mwa zonse zimene silogani yathu imachita, ndi chiti chimene sitingalole kuti chitayike? Sizingatheke kusunga tanthauzo, kugunda kwa mawu, kufupika ndi ulemu zonse pamodzi. China chimaperekedwa nsembe.

Taonani mmene a Gillette anachitira. Silogani yawo ya mu 1989 imati "The best a man can get". Mukaimasulira liwu ndi liwu mupeza "Лучшее, что может получить мужчина", maphatikizo 12 m'malo mwa 6, chiganizo choti woimba angathe nacho mpweya. Omasulira anazindikira kuti mphamvu ya silogani ija ili pa "get", chifukwa amathera mofanana ndi dzina la kampani. Ndiye anasaka liwu la Chirasha lothera chimodzimodzi, n'kupeza нет, kutanthauza "palibe". Chiganizo chonse anachitembenuza kuti chikathere pamenepo: "Лучше для мужчины нет", LUCHshe dlya mushCHIny NYET, choposa ichi kwa mwamuna palibe. Maphatikizo 7 okha, ndipo Gillette ndi nyet zikuyankhana. Mneni wa "kupeza" anamutaya osayang'ananso m'mbuyo. Mpaka lero Arasha ambiri mukangotchula dzinalo amamaliza okha mzerewo.

Tibwerere ku tiyi wanu. Ine ndikuona kuti chimene simungataye ndi zinthu ziwiri: m'mawa ndi kufunda, zonenedwa mwachikondi komanso mwachidule. Kulamula si mbali ya uthengawo, ndi chizolowezi chabe cha Chingerezi. Tikachotsa aneni olamulawo, nkhani ya iwe ndi inu yathera pomwepo, ndipo Chirasha chimayenda bwino kwambiri popanda mneni.

Njira imodzi ndi "Утро будет тёплым", Utra BUdyet TYOplym, m'mawa kudzakhala kofunda. Kagundidwe kake n'kosalala, kutsindika kenako kupuma, katatu, ndipo ndi lonjezo m'malo mwa lamulo. Koma ili ndi maphatikizo 6, ndipo munthu wofulumira angaiwerenge ngati nkhani ya zanyengo.

Imene ine ndingakutengereni kwa mabwana ndi iyi: "С тёплым утром!", s TYOplym Utram. Arasha ali ndi moni wa m'mawa woti "С добрым утром!", moni wa m'nyumba, umene mayi amapatsa mwana akangotsegula maso, wofewa kuposa "Доброе утро" wa ku ofesi. Ife tangochotsa liwu loti "wabwino" n'kuikapo "wofunda", lokhala ndi maphatikizo ofanana komanso kutsindika kofanana. Wogula amaumva moniwo m'mutu mwake asanamalize kuwerenga, kenako n'kuona kuti wasintha pang'ono, ndipo kasinthidwe kameneko ndi tiyi wanu. Maphatikizo ndi 4, ndendende ngati Chingerezi. Malo ake ndi a zilembo 15, ndiye ikukwana pomwe panali yakale. Kudzuka kulimo popanda kulamula munthu, chifukwa moniwu amapatsidwa munthu wodzuka kumene. Mawu awiri akuluakuluwo onse akuthera ndi m, kamvekedwe kong'ung'udza kamene kamayenera chakumwa chotentha. Ndipo тёплый, monga "warm", amanena za kutentha kwa thupi komanso kwa mtima. Chimene tataya ndi mapasa aja a "up... up" ndi kamphamvu kolimbikitsa kamene kali m'Chingerezi. Ngati mabwana akufuna tiyi womveka ngati wopatsa mphamvu kwa achinyamata, iyi yafewa kwambiri ndipo "Проснись. Согрейся" ingabwererenso pa tebulo. Koma tiyi wakuda kumeneko amamwedwa m'khitchini, pa banja, nthawi zambiri wopanda mkaka, ndi shuga, kagawo ka ndimu kapena jamu pambali. Liwu la m'nyumba ndi limene likumuyenera. Dziwaninso kuti amamwa tiyi tsiku lonse mpaka usiku, choncho silogani iliyonse ya m'mawa ikuchepetsa msika pang'ono, ngakhale kuti vuto limenelo munabwera nalo kuchokera ku Chingerezi komwe.

Musatenge mawu angawa ngati omaliza. Mawu ofupika chonchi, omangidwa pa moni wodziwika, n'kutheka kuti wina anawaganizapo kale. Alembeni m'Chirasha pa Yandex, chifukwa ndi komwe ambiri kumeneko amasakira zinthu, ndipo wogula wanu wa ku Rasha kapena loya wake afufuze m'kaundula wa Роспатент, bungwe la boma lolembetsa zizindikiro za malonda, ngati palibe anawalembetsa pa tiyi kapena khofi. Kenako ayeseni pa anthu obadwira m'Chirasha amene akukhala komweko panopa, osati ophunzira chinenerocho ngati ine ndi mnyamata wanu uja. Musawafunse kuti "kodi izi n'zolondola?" chifukwa adzangoti inde. Apatseni masilogani a Chirasha amene tatchulawa osawaonetsa Chingerezi, awawerenge mokweza, ndipo muwafunse kuti akuganiza kuti chikugulitsidwa n'chiyani, akulankhula ndani, ndipo akulankhula ndi yani. Mawa lake muwafunse kuti akukumbukira iti. Ngati lilime lawo lapunthwa powerenga, kapena ati "izi zikumveka ngati zomasulira", imeneyo yagwa. Mabwana anu apatseni iliyonse ndi tanthauzo lake lobwezeredwa m'Chingerezi liwu ndi liwu, pamodzi ndi mzere umodzi wofotokoza chimene yasunga ndi chimene yataya, kuti asasankhe pongoona yofanana kwambiri ndi yakale.

Chenjezo lina ndi la malamulo. Mabwana amakonda kuwonjezera kuti "tiyi wabwino koposa". Lamulo la ku Rasha la zotsatsa malonda, la mu 2006, limaletsa kudzitama kopanda umboni, ndipo mawu ngati лучший, самый kapena номер один, kutanthauza "wabwino koposa", "woposa onse" kapena "nambala wani", amafuna kuti munene muyeso umene mwayerekezera. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, la ФАС, ndi limene limalondola zimenezi ndipo limalipiritsa. Musayang'ane kuti a Gillette anatha bwanji, iwo ali ndi maloya awo.

Pomaliza pitani kwa wojambula paketi. Afunseni ngati mtundu wa zilembo umene mumagwiritsa ntchito uli ndi zilembo za Chirasha, chifukwa yambiri ilibe, ndipo kompyuta imangolowetsamo mtundu wina mwakachetechete, silogani n'kuoneka yachilendo pa paketi yanu yomwe. Asayese kubwereka zilembo zathu zooneka ngati zofanana: С ya kumayambiriro ija ndi s ya Chirasha, р ndi r, у ndi u, ndipo zonse zilembedwe kuchokera ku Chirasha chenicheni. Pa ё aikepo timadontho take tiwiri. Arasha ambiri amatisiya polemba za tsiku ndi tsiku ndipo amawerenga bwinobwino, koma pa silogani ya mawu atatu, timadonthoto tikuonetsa pomwe liwu likutsindika. Fayilo yomaliza, yomwe ikupita kwa osindikizayo, ionedwe ndi Mrasha musanalipire.