VPN ya pa Raspberry Pi ikuyaka koma palibe chikutsegula

"Abale ndithandizeni, ndili ku Chitakale. Ndaika PiVPN pa Raspberry Pi 4 kuti mafoni a pabanja azidutsira kunyumba, mlongo wanga ali ku Joni nayenso akufuna. Rauta yanga ndi ya simukhadi, poti 51820 ndatsegula, pafoni VPN ikuyaka bwinobwino koma palibe peji ikutsegula. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, musafufute kalikonse kaye, ine ndikuona ngati simunalakwitse ndipo vuto silili pa Pi yanu. Zomwezi zinandigwira ine kuno ku Luchenza, ma wikendi awiri athunthu ndimangoika ndi kuchotsa PiVPN mpaka ndinagula memorekhadi ina poganiza kuti yoyambayo ndi yakufa, chonsecho nkhani inali pa laini ya intaneti.

Choyamba dziwani kuti apu ya WireGuard, ija mumayatsira VPN pafoni, mukaiyatsa imangoyaka basi, kakiyi kaja kamaoneka pamwamba pa sikirini ngakhale seva isanayankhe. Ndiye tsegulani apuyo, dinani dzina la VPN yanu muone mmusi. Ngati mzere wa Latest handshake palibe, ndipo pa Transfer nambala ya tx ikukwera pang'onopang'ono pomwe rx yaima pa 0, foni ikugogoda koma kugogodako sikukufika kunyumba.

Kenako chitani ichi, ndi mphindi ziwiri zokha. Lowani mu rauta yanu pa bulawuza, adilesi yake imalembedwa pa kapepala ka kunsi kwa rautayo, nthawi zambiri 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1, mupeze pomwe alemba WAN IP. Ilembeni papepala. Mukatero pitani pa Pi mulembe:

```
curl ifconfig.me
```

Manambala awiriwa akafanana muli ndi mwayi. Kwa ine rauta imaonetsa adilesi yoyamba ndi 100.83 pomwe Pi imanditulutsira ina yoyamba ndi 102, zosiyana kotheratu. WAN IP ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti muli kuseri kwa chomwe amati CGNAT, ndipo marauta a simukhadi ambiri amakhala momwemu.

Ndifotokoze ndi zomwe tonse kuno timazidziwa. Tengani esiteti ya tiyi, nyumba za antchito mbwee mkatimo koma geti ndi limodzi, mlonda mmodzi. Inu mukatuma mwana kunja mlonda amamulemba, akamabwerera amamudziwa kuti uyu ndi wa nyumba yakuti, amamulowetsa. Koma mlendo wongotulukira pageti nkunena kuti ndikufuna chitseko nambala 51820, mlonda amufunsa kuti cha nyumba iti, nyumba zilipo zambirimbiri, basi amubweza. Adilesi ya 102 ija ndi geti la kampani ya netiweki, mukugawana ndi anthu ena ambiri. Poti yomwe mwatsegula pa rauta ndi chitseko cha nyumba yanu, mwachitsegula ndithu, koma mlendo sakudutsa pageti ndipo getilo makiyi ake si anu. Nchifukwa chake ngakhale DuckDNS, ija yopatsa adilesi yanu dzina losasintha, sithandiza apa, imangolozera anthu ku geti lomwelo.

Njira zotulukira zilipo zingapo. Mukhoza kufunsa a netiweki ngati angakupatseni adilesi yanuyanu, kapena kubwereka kaseva ka pa intaneti kolipira mwezi ndi mwezi, koma apo pakufunika khadi yolipirira kunja. Ine ndinasankha Tailscale ndipo ndi yomwe ndingakuuzeni. Mkati mwake ndi WireGuard yomweyo, kusiyana kwake nkwakuti Pi sidikira mlendo, imatuluka yokha kukadziwonetsa, foni nayo imatuluka, ndiye poti onse ndi otuluka mlonda wa uku ndi wa uko amawalola kubwerera. Sipafunika kutsegula poti iliyonse, ndipo kugwiritsa ntchito pabanja kuli pulani yaulere.

Pa Pi lembani izi:

```
curl -fsSL https://tailscale.com/install.sh | sh
echo 'net.ipv4.ip_forward = 1' | sudo tee -a /etc/sysctl.d/99-tailscale.conf
echo 'net.ipv6.conf.all.forwarding = 1' | sudo tee -a /etc/sysctl.d/99-tailscale.conf
sudo sysctl -p /etc/sysctl.d/99-tailscale.conf
sudo tailscale up --advertise-exit-node
```

Mizere itatu yapakatiyo ndi yolola Pi kulandira katundu wa foni nkumupititsa kutsogolo. Mzere womaliza ukupatsani linki, itseguleni pafoni kapena pa laputopu mulowe ndi akaunti ya Google. Ine ndinatsegula akaunti yatsopano ya banja yochitira zimenezi zokha, sindinafune kuti imelo yanga ya ntchito izikhala mmafoni a aliyense.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasiyira panjira, ndiye mvetserani. Kulemba --advertise-exit-node kumangotanthauza kuti Pi yadzipereka kukhala potulukira mafoni popita pa intaneti, inuyo mukuyenera kuivomereza. Lowani pa login.tailscale.com, pa Machines pezani Pi yanu, dinani timadontho titatu ta kumapeto, Edit route settings, muyatse Use as exit node. Musatuluke, pa timadontho tomweto dinaninso Disable key expiry. Mukapanda kutero pakatha masiku 180 kiyi ya Pi imatha mphamvu, VPN imangofa mwakachetechete, ndipo izi zimachitika inu mutaiwala kalekale momwe munaikira.

Pafoni ikani apu ya Tailscale, lowani ndi akaunti ija, musankhe Pi pa Exit node. WireGuard yakale ija izimitseni chifukwa foni imayendetsa VPN imodzi pa nthawi imodzi. Poyesa zimitsani wayifayi, mugwiritse deta ya foni, mutsegule ifconfig.me pa bulawuza. Ikaonetsa adilesi yofanana ndi yomwe Pi ikuonetsa nthawi yomweyo, zatheka. Mlongo wanu ku Joni achite chimodzimodzi, mawebusayiti azimuona ngati ali ku Malawi. Mukaona kuti foni ndi Pi zapatsidwa ma adilesi oyamba ndi 100 musadabwe, amenewo ndi a Tailscale, si a CGNAT aja.

Koma chilipo choti muchiyang'ane. Foni ikalumikiza lembani pa Pi `tailscale status`. Pa mzere wa foniyo mukaona mawu oti direct, awiriwa apezana okha. Mukaona relay "jnb" ndiye kuti alephera kupezana ndipo akudutsira pa seva ya Tailscale ya ku Johannesburg. Zinsinsi zanu zimakhalabe zotsekedwa, seva ija siwerenga kanthu, koma liwiro limatsika. Izi zimachitika kawirikawiri mbali zonse ziwiri zikakhala pa simukhadi. Kwa mlongo wanuyo si nkhani yaikulu poti seva ili pakhomo pake, koma foni ya mayi a kunyumba ali pa msika wa Limbuli katundu wake azikazungulira ku Joni nkubwera ku Chitakale asanapitenso kunja. Mameseji ndi banki zimayenda, mavidiyo amadukaduka.

Tsopano nkhani ya bandulo, iyi ndiye imandiwawa chifukwa inatidyera ndalama mwezi woyamba. VPN sipulumutsa deta, imachulukitsa. Mwana akaonera vidiyo ya 1GB ali kunja, foni yake yadya 1GB yake, rauta ya kunyumba yakoka 1GB kuchokera pa intaneti, kenako yatumizanso 1GB yomweyo kupita ku foni. Kunyumba kwapita pafupifupi 2GB pa vidiyo imodzi. Ife bandulo yomwe imatifikitsa kumapeto kwa mwezi inatha mwezi uli pakati, ndinakapeza kuti mphwanga anasiya Exit node yoyaka usana ndi usiku akuonera mpira. Polemba `tailscale status` muona tx ndi rx pa mzere wa foni iliyonse, ndi mmene ndinamugwirira. Panopa lamulo pakhomo ndi loti Exit node imayatsidwa pokhapokha munthu ali pa wayifayi ya eni ake, ku loji, ku sukulu, kapena pomwe mlongo akufuna chinthu chofuna adilesi ya ku Malawi, akamaliza abwezere pa None. Dziwaninso kuti liwiro lomwe foni ilandire silingapose liwiro lotumizira la rauta yanu, lija amalemba Upload mukamayesa, ndipo kuno kumapiri madzulo limatsika kwambiri. Ma bandulo a WhatsApp kapena Facebook okha aja nawonso sagwira ndi VPN, netiweki sionanso kuti munthu ali pa WhatsApp, imangoona katundu womangidwa, ndiye imafuna bandulo ya intaneti yonse. Awuzeni achibale izi msanga asanayambe kudandaula kuti mayunitsi akutha okha.

Chomaliza ndi magetsi. Pi 4 imafuna chaja ya 5V 3A ya USB-C, osati ka chaja ka foni kogula pa benchi. Yesani ndi:

```
vcgencmd get_throttled
```

Yankho labwino ndi throttled=0x0. Mukaona 0x50005 mphamvu ikuperewera pompano, mukaona 0x50000 inaperewerapo chiyatsireni Pi, sinthani chaja kapena kebulo. Magetsi akamathima mwadzidzidzi Pi ili mkati molemba, memorekhadi imaonongeka, tsiku lina mudzangoona kagetsi kofiira kakuyaka koma Pi sikuoneka pa netiweki. Nyengo ya mvula ndi ziphaliwali za kuphiri kuno izi si zachilendo. Ine ndinayamba ndi pawabanki koma yanga imadula mphamvu kwa kamphindi magetsi akamachoka ndi pobwera, Pi nkuzima nkuyakanso, ndiye yesani yanu, izuleni pakhoma Pi ikuyaka muone ngati magetsi ake aphethira. Ndinadzagula ka UPS kakang'ono ka marauta kokhala ndi potulukira 12V ndi USB, rauta ndi Pi zonse zili pamenepo, chifukwa Pi yoyaka rauta itazima ilibe ntchito. Ngati muli ndi sola ndi batire bwino kwambiri, Pi 4 ikangokhala imadya mawati atatu kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo zonse zikayenda koperani memorekhadiyo pa ina ndi SD Card Copier kapena pa laputopu, muisunge mu envulopu, yoyamba ikafa mungosintha.

Mukasamukira ku Tailscale, poti 51820 ija mukaitseke pa rauta, idzakhala ilibenso ntchito. Yambani ndi manambala awiri aja, WAN IP ndi ya ifconfig.me, mundiuze zigawo ziwiri zoyambirira zokha, osati adilesi yonse pagulu pano. Zikapezeka kuti zikufanana ndiye kuti si CGNAT, tidzayang'ana `pivpn -d` ndi adilesi yomwe ili pa mzere wa Endpoint mu foni yanu.