Phindu la beti yaulere

"Ndili ku Britain, kampani yobetchera yandipatsa beti yaulere ya mapaundi 20. Akuti ndingapindule nayo timu iwine kapena iluze. Zimatheka bwanji?"

Zimatheka achimwene, koma pamafunika malo awiri. Ku kampaniyo mumabetcha kuti timu iwina. Kenako pa msika ngati Smarkets, pomwe anthu amabetcherana okhaokha, mumadina "Lay" pa masewero omwewo, kutanthauza kuti timuyo siwina, iluze kapena afanane mphamvu.

Tinene kuti kampani ikupereka 5.0, kutanthauza kuti paundi imodzi ikawina imabweza mapaundi 5, msika 5.2, ndipo msikawo umadula 2 peresenti pa zomwe mwawina. Pa "Lay" ikani mapaundi 15.44. Timu ikawina, kampani ikupatsani 80, poti 20 yaulere ija sabweza, inu mulipira 64.85 ku msika, poti pa paundi iliyonse ya "Lay" mumalipira 4.2, mutsala ndi 15.15. Ikapanda kuwina, beti yaulere yapita, koma msika ukupatsani 15.13.

Chonde musanayambe onetsetsani kuti 64.85 imeneyo ilimo kale mu akaunti ya msika. Mukadina "Lay", onaninso ngati beti yanu yalandiridwa yonse. Ikakhala pansi pa "Unmatched" ndiye kuti palibe waitenga, simunatetezeke, ndipo timu ikapanda kuwina simupeza kalikonse.