Mafoni 600 patsiku, oyankha anayi: vuto lili pati?

*Alangizi, ndili ndi kampani yaing'ono ku Kamwala yogulitsa masola olipira pang'onopang'ono. Timalandira mafoni pafupifupi 600 patsiku, kuyambira 08:00 mpaka 18:00, Lolemba mpaka Loweruka. Ndinawerengera kuti ndi mafoni 60 pa ola, iliyonse mphindi 4, ndiye ndinalemba oyankha anayi. Awiri ndi ana a achemwali anga. Koma makasitomala akungodandaula kuti sitiyankha. Ndikufuna kutenga K80,000 kwa akaloba kuti ndigule makina atsopano a mafoni. Ndigule otani? — Wamalonda, Lusaka*

Bambo, makina musagule, ndipo pakhomo pa akaloba musafikepo. Makina atsopano adzangoimbira makasitomala anu kanyimbo kabwino pamene akudikirabe. Vuto lili pa kapepala kamene munawerengerapo.

Tiyambe ndi masamu anu omwewo, tiyerekeze kuti ndi oona. Ntchito ya maola anayi mwaipereka kwa anthu anayi mu ola limodzi, kutanthauza kuti aliyense akhale pa foni mphindi 60 zonse, osamwa madzi, osapita kuchimbudzi. Zimenezi zikanatheka ngati oimba akanapangana kuti aziimba mmodzimmodzi, mphindi iliyonse mmodzi. Koma anthu sapangana. Zili ngati kuchigayo: nthawi ina palibe munthu, kenaka amayi asanu afika pamodzi ndi matumba awo. Mphindi imene woyankha wakhala osalandira foni yatayika, simungaisunge kuti mudzaigwiritse ntchito mafoni akachuluka. N'chifukwa chake oyankha akangofanana ndendende ndi ntchito, mzere wa odikira umangokulirakulira mpaka ena atatopa n'kudula.

Katswiri wa masamu wa ku Denmark, A. K. Erlang, anaithetsa nkhani imeneyi pamene ankagwira ntchito pa kampani ya mafoni ya ku Copenhagen, ndipo njira yake anaifalitsa mu 1917. Mpaka lero malo oyankhira mafoni amagwiritsa ntchito chowerengera chotchedwa Erlang C, ndipo mukalemba dzinalo pa intaneti muchipeza chaulere. Mukaikamo mafoni 60 a mphindi 4, chikuuzani kuti ndi oyankha asanu, munthu amadikira kupitirira mphindi ziwiri. Ndi asanu ndi mmodzi, theka la mphindi. Onani mmene munthu mmodzi yekha akusinthira zinthu.

Koma 60 pa ola mwaitenga kuti? Mwangogawa 600 ndi 10. Apa ndi pamene bizinesi yanu ikudwalira, ndipo ndikukayika ngati muli ndi buku lililonse losonyeza mafoni a ola ndi ola. Makalata otere ndawerenga ambirimbiri, ndipo eni ake onse amadziwa chiwerengero cha tsiku lonse, cha ola limodzi ayi. Kasitomala wa sola amene magetsi ake azima usiku chifukwa ndalama imene analipira pa foni sinaonekere, saimba masana. Amaimba mukangotsegula. Pakutha pa mwezi, anthu akalandira malipiro, n'chimodzimodzi. Ndiye tiyerekeze kuti pakati pa 08:00 ndi 09:00 mumalandira mafoni 120, ndipo cha m'ma 14:00 amatsika kufika 24.

Mphindi 4 zija nazonso ndikuzikayikira. Munaziyeza ndi wotchi kapena munangomva kwa anyamatawo? Nthawi ya foni imodzi si yolankhula yokha. Muphatikizepo pamene kasitomala waimikidwa kuti afufuze malipiro ake, ndiponso pamene foni yatha koma woyankha akulemba dandaulo mu kompyuta, poti nthawi yonseyo sangalandire foni ina. Tinene kuti zonse pamodzi ndi mphindi 5.

Tsopano werengerani ola lililonse palokha. Mafoni 120 kuchulukitsa ndi 5, mphindi 600, kugawa ndi 60, ndi ntchito ya anthu 10. Amenewa ndi ongonyamula katundu, osati othetsa mzere. Mukaika 11, kudikira kumapitirira mphindi zitatu. Mukaika 13 kumatsika kufika pafupifupi theka la mphindi. Muyeso umene makampani ambiri amatsata ndi woti mafoni 80 mwa 100 alionse ayankhidwe masekondi 20 asanakwane, ndipo kuti muufike pamafunika 14. Ola la 14:00 lija ndi ntchito ya anthu awiri, koma kuti mufike muyeso womwewo pamafunika anayi. Mwaona? Anthu anu anayi akukwanira pa ola limodzi lokha, lija limene oimba ndi ochepa.

Komanso 14 ameneyo ndi anthu okhala pampando, osati olembedwa ntchito. Lamulo la ntchito la dziko lino la 2019 limati sabata ya ntchito ndi maola 48, inu mumatsegula maola 60, ndiye kaya mukulipira ovataimu kaya mukuitana mlandu. Lamulo lomwelo limapatsa wantchito masiku awiri a tchuthi pa mwezi uliwonse. Onjezani matenda, maliro, nkhomaliro, maphunziro, ndi basi ya ku Matero imene yaima pa Great North Road. Ambiri pokonza mapulani amachotseratu 30 mwa 100 pa zonsezi. Ndiye 14 mumugawe ndi 0.7, mupeza 20. Kumeneko ndi kugawa, osati kungoonjezera 30 mwa 100, chifukwa kuonjezera kukupatsani 18 ndipo mudzapelewera awiri tsiku lililonse.

Ndikudziwa, mtima wagunda. Sindikuti mulembe anthu 20 a mwezi wathunthu, aliyense ndi NAPSA ndi NHIMA yake, kuti masana azisewera ndi mafoni awo. Ola lovutalo limathetsedwa ndi mashifiti: ena ayambe 08:00 n'kuweruka 12:00, nkhomaliro asamapitire limodzi, ndipo akalaliki a muofesi aphunzitsidwe kuyankha m'mawa wa pakutha pa mwezi. Chotchipa koposa ndi kuchepetsa ntchitoyo. Ngati ambiri akuimba kufunsa ngati ndalama yawo yafika, meseji yotsimikizira malipiro ingachotse mafoni ambiri asanaimbidwe. Mukadula mphindi imodzi pa foni iliyonse, ntchito ya anthu 10 ija imakhala ya 8.

Za ana a achemwali anu sindinena zambiri. Kulemba abale si tchimo. Koma funso ndi ili: akachoka pampando chifukwa atumidwa kukaona odwala, ndani amalemba kuti achoka? Mpando wa mbale umaoneka wodzaza pa buku la malipiro pomwe foni ikungolira.

Chimene muchite ndi ichi. Kwa masabata anayi, kuphatikizapo pakutha pa mwezi, tulutsani mndandanda wa mafoni onse mu makina amene muli nawo kale, muugawe ola ndi ola. Muwerenge ndi amene sanayankhidwe omwe, chifukwa 600 yanuyo mwina ndi oyankhidwa okha. Koma chenjerani: munthu mmodzi wokwiya akaimba kasanu, ameneyo ndi kasitomala mmodzi, ndiye nambala yobwereza mu ola lomwelo muiwerenge kamodzi. Mukapanda kutero mudzalemba anthu opitirira muyeso. Dziwaninso kuti Erlang C imaganiza ngati palibe amene amatopa n'kudula foni, motero imakonda kukupatsani anthu ochulukirapo pang'ono. Mukachepetsa mmodzi pa ola lovutalo simunalakwe kwambiri.

Mukamaliza munditumizire mndandandawo, tiwerengere limodzi mashifiti. K80,000 ija ikhale kaye m'thumba mwa eni ake.