Fupa la ntchafu ndi msinkhu wa anthu akale

*"Abale, ndamva pa wailesi kuti anthu atayamba ulimi anafupika poyerekeza ndi makolo awo alenje. Ndiye munthu woti anafa kalekale, kwangotsala mafupa okhaokha, amamuyeza bwanji? Si zongopeka izi?"*

Ayi achimwene, si zongopeka, ngakhale kuti a pa wailesi amakonda kuthirako mchere. Fupa limene akatswiri amalidalira kwambiri ndi la ntchafu, chifukwa ndilo lalitali kuposa onse ndipo limatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu wa munthu, kupitirirako pang'ono. Amaligoneka pa thabwa lokhala ndi muyeso, mbali imodzi n'kuigunditsa kukhoma la thabwalo, kenaka n'kuwerenga masentimita. Asanachite masamu amayang'ana mafupa a m'chiuno kuti adziwe ngati anali mwamuna kapena mkazi, komanso ngati nsonga za fupalo zinalumikizana. Zikakhala kuti sizinalumikizane ndiye kuti mwiniwake anafa akukulabe, ndipo masamu a akuluakulu sagwira ntchito pa iye.

Masamu odziwika kwambiri ndi a Mildred Trotter ndi Goldine Gleser a mu 1952. Iwo anayeza mafupa a asilikali a ku Amereka amene anafa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anthu oti msinkhu wawo unalembedwa polowa usilikali. Tiyerekeze kuti tafukula fupa la ntchafu la mwamuna, lotalika masentimita 45. Pa masamu ochokera kwa azungu timachita chonchi: 2.38 × 45 + 61.41, ndipo yankho ndi masentimita 168.5. Fupa lomwelo tikaliika pa masamu ochokera kwa anthu akuda a ku Amereka, 2.11 × 45 + 70.35, tikupeza 165.3. Mwaona? Fupa limodzi, mayankho awiri osiyana ndi masentimita atatu, chifukwa mitundu ina ili ndi miyendo yaitali poyerekeza ndi thunthu. Ndipo yankho lililonse lingaphonye ndi masentimita atatu kapena anayi, kaya m'mwamba kaya m'munsi. Tsono munthu amene anakhalako zaka 8,000 zapitazo, mungamuike pa masamu ati? Vuto lalikulu lagona pamenepo.

Mafupa akapezeka onse, pali njira yabwinoko ya Georges Fully ya mu 1956. Mumaphatikiza kutalika kwa chigaza, mafupa a msana limodzi ndi limodzi, la ntchafu, la msongolo ndi a chidendene, kenaka n'kuwonjezera masentimita pafupifupi 10 oimira khungu ndi minofu yapakati pa mafupa imene inawola. Njira imeneyi sifunsa mtundu wa munthu. Kungoti manda akale sasunga msana wonse kawirikawiri, makamaka m'dothi lowawasa.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi chakudya? Mafupa aatali amakula paubwana pokha. Mwana akamadya zosakwanira, kapena akamatsekula m'mimba pafupipafupi, thupi limasiya kaye kukula kuti lipulumutse moyo. N'kupinimbira komwe kuja amakuyeza kusikelo ya ana. Choncho msinkhu wa munthu wamkulu umanena za ubwana wake, osati zimene ankadya atakula. Ndipo mafupa a munthu mmodzi sanena kanthu; mwina kwawo ndi aafupi basi. Pamafunika anthu ambiri, amuna paokha akazi paokha.

Nkhani munamvayo gwero lake lina ndi J. Lawrence Angel, amene anayeza mafupa a kum'mawa kwa nyanja ya Mediteraniyani, cha ku Girisi ndi Turkey. Iye anapeza kuti amuna a m'nthawi ya ulenje ankafika pafupifupi masentimita 177, pamene alimi a kumapeto kwa nyengo ya zida zamiyala anali cha m'ma 161. Koma ineyo sindingaike masentimita 16 onsewo pamutu pa phala la tirigu ndi balere. Mafupa a alenjewo anali ochepa, komanso ku Ulaya ulimi unabwera ndi anthu ochokera ku Anatoliya, dera la m'dziko la Turkey la lero, amene kumtundu kwawo anali osiyana kale ndi eni dziko. Kafukufuku wa mu 2022 wotsogoleredwa ndi Stephanie Marciniak anayerekeza mafupa ndi DNA ya anthu akale 167 a ku Ulaya, ndipo anapeza kuti alimi oyambirira anali aafupi ndi masentimita pafupifupi anayi kuposa momwe chibadwa chawo chikanawafikitsira. Kufupika kunalipodi, koma osati kochuluka ngati masentimita 16 aja.

Ngakhale masentimita anayiwo si a chakudya chokha. Alimi ankakhala mothinana pamudzi umodzi, pafupi ndi ziweto ndi zonyansa zawo, ndiye matenda ankafala mosavuta. Fupa silisiyanitsa mwana wosowa ndiwo ndi mwana wa njoka zam'mimba. N'chifukwa chake odziwa ntchito amayang'ananso mano. Dzino likasiya kukula kwa kanthawi limatsala ndi kamzere kopingasa, ndipo malo a kamzereko amasonyeza zaka zimene mwanayo anali nazo pamene anavutika. Ku Dickson Mounds, m'chigawo cha Illinois ku Amereka, timizere timeneti tinachuluka anthu atayamba kudalira chimanga, ndipo mafupa a ana awo ankapezeka aafupi poyerekeza ndi zaka zimene mano awo ankasonyeza.