Kodi mawu si maina a zinthu basi?

"Abale ndithandizeni, ine ndimaona ngati mawu ndi maina a zinthu basi, mpando ndi mpando. Nanga zoti tanthauzo lili m'kagwiritsidwe zikuchokera kuti?"

Pa mpandopo simukunama ayi, koma tayesani kuloza chinthu chotchedwa "pepani" kapena "mwina", muloza chani? Katswiri wa filosofi Ludwig Wittgenstein anayambira pomwepo m'buku lake lomwe linatuluka 1953 iye atamwalira kale. Tengani mawu oti "madzi". Mwana akalira kuti madzi ndiye kuti akupempha, wina akakuwa kuti madzi! denga likudontha akuchenjeza kuti chotsani katundu, aphunzitsi akaloza chithunzi nkufunsa, wophunzira nkuti madzi, pamenepo ndi yankho la mayeso. Chinthu cholozedwa ndi chimodzi chomwecho koma zochitika zitatu, ndipo chilichonse chili ndi malamulo ake ngati gemu, nchifukwa chake Wittgenstein anazitcha masewera a chilankhulo. Wosamva gemu mumamuzindikira ndi zomwe wachita, mwachenjeza za denga iye nkukubweretserani kapu ya madzi akumwa, komatu dzinalo akulidziwa bwinobwino.

Olo kulozako pakokha sikukwana. Ndikaloza mpando nkuti "woyera", munthu wosadziwa chilankhulo adziwa bwanji kuti ndikunena mtundu osati mpandowo? Amayenera adziwiretu kuti tili pa gemu ya mitundu.