Mtambo wobiriwira suli chilolezo chogula

Funso: Ndili ndi shopu yaing'ono ku Matawale, ndipo madzulo ndimaphunzira malonda a ndalama zakunja pa MetaTrader. Ndinamva kuti mtambo wa Ichimoku ukakhala wobiriwira ndiye kuti mtengo ukwera. Ndinagula EUR/USD mtambo wakutsogolo uli wobiriwira, koma mtengo unangotsika mpaka ndinaluza. Kodi mtambowu ndi wabodza, kapena ndikuwuwerenga molakwa? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Achimwene, mtambo sunakunamizeni, koma munaufunsa funso lomwe sutha kuyankha. Ntchito yake yeniyeni ndi yosefa. Umakuuzani ngati lero ndi tsiku loganizira zogula, zogulitsa, kapena longopinda manja, ndipo umakusonyezani dera lomwe mtengo ungatsamirepo ukamabwerera m'mbuyo. Kuti muone zimenezi, choyamba muyenera kudziwa kumene mizere yake imachokera.

Njirayi, yomwe dzina lake lonse ndi Ichimoku Kinko Hyo, anaikonza mtolankhani wa ku Japan, Goichi Hosoda, ndipo anaitulutsa poyera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ili ndi mizere isanu. Itatu mwa iyo imawerengedwa mofanana: mumatenga mtengo wapamwamba kwambiri ndi wapansi kwambiri pa makandulo angapo apitawa, n'kupeza pakati pake. Kandulo ndi kachithunzi ka pa tchati kosonyeza momwe mtengo unayendera pa nthawi yoikika, monga tsiku limodzi.

```
Tenkan-sen    = (High 9  + Low 9)  / 2
Kijun-sen     = (High 26 + Low 26) / 2
Senkou Span A = (Tenkan-sen + Kijun-sen) / 2
Senkou Span B = (High 52 + Low 52) / 2
```

Wachisanu ndi Chikou Span, womwe ndi mtengo wotsekera wa lero koma wojambulidwa makandulo 26 kumbuyo. Mtambo, kapena kuti Kumo, ndi danga lomwe lili pakati pa Senkou Span A ndi Senkou Span B. Span A ikakhala pamwamba, mapulogalamu ambiri amaupaka mtundu wobiriwira, ndipo Span B ikakhala pamwamba amaupaka wofiira. Mitundu imeneyi munthu akhoza kuisintha, choncho muziyang'ana mzere womwe uli pamwamba osati utoto wokha.

Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri amachidumpha, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi chomwe chinakugwetsani. Span A ndi Span B sizijambulidwa pa tsiku lomwe zawerengedwa. Zimakankhidwira kutsogolo makandulo 26. Ndiye pa tchati chanu pali zigawo ziwiri za mtambo zomwe muyenera kuzilekanitsa. Chigawo chomwe chili pa kandulo ya lero chinawerengedwa makandulo 26 apitawo, ndipo ndi chomwe mumayerekezera ndi mtengo wa lero. Chigawo chomwe chili kudzanja lamanja, komwe kulibe makandulo, chawerengedwa ndi mitengo ya masiku ano ndi akumbuyoku. Chikuoneka ngati chikulosera chifukwa cha malo omwe chajambulidwa, koma mulibe nambala ngakhale imodzi ya mawa.

Tiyeni tiwerenge limodzi ndi manambala ongoyerekeza, pa tchati cha D1, pomwe kandulo imodzi ndi tsiku limodzi la malonda.

Tinene kuti makandulo 26 apitawo, mtengo wapamwamba wa EUR/USD unali 1.0900 pa nyengo zonse zitatu. Wapansi unali 1.0780 pa makandulo 9, 1.0700 pa makandulo 26, ndi 1.0600 pa makandulo 52. Tenkan-sen inali 1.0840, Kijun-sen 1.0800, ndiye Span A inatuluka 1.0820 ndipo Span B inali 1.0750. Manambala awiri omalizawa ndiwo mtambo wa lero: denga lake ndi 1.0820, pansi pake ndi 1.0750, ndipo kukhuthala kwake ndi mapipu 70, poti pa EUR/USD pipu imodzi ndi 0.0001.

Kuchokera nthawi imeneyo mtengo unakwera mpaka 1.0960, kenaka n'kugwa kufika 1.0780, ndipo lero watsekera pa 1.0790. Wapamwamba wa makandulo 9 omaliza ndi 1.0920, wa makandulo 26 ndi 1.0960, ndipo wapansi pa nyengo zonse ziwiri ndi 1.0780. Mukawerenga, Tenkan-sen ya lero ndi 1.0850 ndipo Kijun-sen ndi 1.0870, zomwe zikupereka Span A ya 1.0860. Pa makandulo 52, wapamwamba ndi 1.0960 ndipo wapansi tsopano ndi 1.0700, ndiye Span B ndi 1.0830. Span A ikadali pamwamba. Mtambo wakutsogolo ndi wobiriwira ndithu, chonsecho mtengo watsika mapipu 170 kuchokera pamwamba paja.

Munthu woyang'ana utoto wokha adina Buy. Koma taonani zomwe tchati chomwechi chikunena. Mtengo wa 1.0790 uli pakati pa 1.0820 ndi 1.0750, kutanthauza kuti uli mkati mwa mtambo. Tenkan-sen yadutsa kale pansi pa Kijun-sen. Mtambo wakutsogolo wapyapyala, kuchoka pa mapipu 70 kufika pa 30. Ndipo ngati makandulo 26 apitawo mtengo unali cha ku 1.0880, Chikou Span ili pansi pa makandulo a nthawi imeneyo. Kubiriwira kuja ndi fungo chabe la kukwera komwe kunadutsa kale, chifukwa Span B imachedwa kutembenuka.

Lamulo losefera ndi lalifupi. Kandulo ikatsekera pamwamba pa mtambo wa lero, mumangoganizira zogula basi. Ikatsekera pansi pake, mumangoganizira zogulitsa. Ikatsekera mkati, simuchita kanthu. Aliyense yemwe anakwerapo msewu wa ku Ku Chawe m'mwezi wa Juni chifunga chitatseka akudziwa kuti mkati mwa mtambo dalaivala sawonjezera liwiro. Utoto wa mtambo wakutsogolo ndi Chikou Span ndi mboni zongowonjezera. Zikagwirizana ndi komwe kuli mtengo, mlandu walimba, koma pazokha sizikulowetsani mumsika.

Mawu akuti "ikatsekera" musawatenge mopepuka. Kandulo ya tsiku imatha kutulutsa mutu pamwamba pa mtambo masana, n'kubwereramo usiku. Pa makampani ambiri omwe anthu amachitirako malondawa, kandulo ya D1 imatseka 11 koloko kapena 12 koloko usiku nthawi ya kuno, malingana ndi nyengo ya ku New York. Kwa munthu wa shopu ngati inu zimenezi n'zabwino, chifukwa mukhoza kuyang'ana tchati kamodzi m'mawa musanatsegule, kandulo itatseka kale. Pa tchati cha M5, pomwe kandulo imodzi ndi mphindi zisanu, mtengo umalowa ndi kutuluka mumtambo kangapo tsiku limodzi, ndipo ndalama zimangothera pa kulowa ndi kutuluka komweko.

Tsopano za mtambo ngati chotsamira. Mtengo ukakhala pamwamba n'kuyamba kutsika, mzere wa pamwamba pa mtambo ndi malo oyamba omwe ogula angabwererenso, ndipo wapansi ndi malo omaliza. Chifukwa chake si zamatsenga. Span B ndi theka la ulendo wonse womwe mtengo unayenda pa makandulo 52, ndipo amalonda ambiri amayang'ana malo otere. Mtengo wapamwamba ndi wapansi zikakhala osasintha kwa nthawi, Span B imagona chopingasa, ndipo mzere wogona chonchi ndimauwerengera kwambiri kuposa wopendekeka, chifukwa ukusonyeza pakati pomwe msika wakhala ukuzungulira. Mtambo wokhuthala umafuna kuti mtengo uyende mtunda wautali usanatulukire mbali inayo. Wopyapyala, makamaka pomwe Span A ndi Span B zikupingasana, mtengo ukhoza kuudumpha ndi kandulo imodzi. Koma mtambo uliwonse umabooledwa. Chomwe umakupatsani ndi malo odziwika bwino omwe mudzavomerezere kuti maganizo anu ogula atha ntchito.

Tibwerere ku chitsanzo chija. Tinene kuti patapita masiku ochepa mtambo ukadali cha pomwe paja, ndipo kandulo yatsekera pa 1.0835, pamwamba pa denga. Sefa yakulolani kuganizira zogula. Stop Loss, yomwe ndi mtengo pomwe malonda amadzitseka okha mukamaluza, kuti ikhale yomveka ikhala pansi pa mtambo, mwina pa 1.0735, kusiya kampata pansi pa 1.0750. Kuchoka pa 1.0835 kufika pamenepo ndi mapipu 100. Pa EUR/USD, loti ya 0.01 imayenda masenti 10 a dola pa pipu imodzi, ndiye zikavuta muluza madola 10. Ngati mu akaunti muli madola 200, amenewo ndi magawo 5 pa 100 pa malonda amodzi okha. Malire omwe ambiri odziwa amatsatira ndi gawo 1 kapena 2 pa 100, omwe kwa inu ndi madola 2 mpaka 4. Apa yankho ndi kusiya malondawo. Kukokera Stop Loss mkati mwa mtambo kuti masamu akwane ndi kuiika pamalo penipeni pomwe mtengo umayendayenda popanda njira. Zimandiwawa kuona achinyamata akutaya mpamba wa shopu mwanjira imeneyi, ndipo ndikukupemphani kuti ndalama zokaoda katundu zisalowe m'malonda amenewa.

Pali nthawi zomwe mtambo sugwira ntchito n'komwe. Msika ukamayenda chopingasa, mudzaona Kijun-sen itagona, mtambo uli wopyapyala ndipo ukusinthasintha mtundu, makandulo akutsekera pamwamba sabata ino, pansi sabata yamawa. Pamenepo sefa ikupatsani chilolezo chogula pafupi ndi pamwamba pa msika ndi chogulitsa pafupi ndi pansi, zomwe ndi zosemphana ndi zomwe mukufuna. Mukaona mtambo wasintha mtundu kangapo m'makandulo 52 apitawa, tsekani tchaticho mudikire.

Musauyikenso pa tchati cha kwacha ndi dola poganiza kuti ukuchenjezani za mitengo yokaodera. Kwacha inagwetsedwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo zonsezi zinali zigamulo zomwe Reserve Bank of Malawi inalengeza. Mzere wowerengedwa ndi mitengo yam'mbuyo sungaone chigamulo chotere chisanabwere. Masheya omwe amatha masiku mtengo wake osasuntha, monga zimachitikira ena pa Malawi Stock Exchange, nawonso amapereka mizere yogona yomwe ilibe chokuuzani.

Chomwe mungachite sabata ino n'chakuti, pa akaunti ya Demo, tsegulani EUR/USD pa D1 ndipo manambala a 9, 26 ndi 52 muwasiye momwe alili. Bwererani m'mbuyo chaka chimodzi, mupeze malo aliwonse omwe kandulo inatsekera kunja kwa mtambo itachokera mkati. Pa malo aliwonsewo lembani m'kope kukhuthala kwa mtambo, mtunda wofika mbali ina ya mtambowo, mzere womwe unali pamwamba kutsogolo, ndi komwe mtengo unafika poyamba: pa Stop Loss kapena pa phindu lofanana ndi mtunda umenewo. Mukatero mubwerere pa tsiku lomwe munagula lija, muike mzere woimirira pa kandulo yake, muone ngati kandulo ya dzulo lake inatsekera pamwamba pa mtambo, mkati, kapena pansi.