Nyali ya batire ikayaka, yambani mwaona lamba

"Abale thandizeni. Sienta yanga yakale ija, ndikailiza m'mawa imalira kuti kwiii, kanyali kofiira ka batire n'kumathwanima, ndikaponda moto kamazima. Dzulo usiku pochokera ku Salima kayaka osazimanso mpaka kufika ku Lilongwe. Anzanga pa siteji akuti batire yatha, ndigule ina. Ndigule?"

Achimwene, ndalama ya batireyo iyambe yakhala m'thumba. Kanyali kaja kali ndi chithunzi cha batire, n'chifukwa chake ambiri amathamangira kusitolo, koma sikanena za thanzi la batire ayi. Kamanena kuti alitaneta sikutumiza magetsi okwanira. Batire ili ngati ndowa, alitaneta ndiye mjigo wothira madzi m'ndowamo. Mjigo ukafa, ngakhale mugule ndowa yatsopano, iuma basi. Mukaika batire yatsopano lero, galimoto ilira bwino, muyenda nayo kwa kanthawi, kenako ikuzimirani pakati pa msewu muli ndi anthu, batire yatsopanoyo itaphwa ngati yakale yomwe.

Mwa zimene mwafotokozazi, ine ndikukayikira poyamba lamba wozunguza alitaneta. Pa injini ya 1NZ-FE, yomwe ili mu Sienta zakale zija komanso mu Probox zambiri, lamba sadzikoka yekha. Amamangidwa ndi alitaneta yeniyeniyo: mumamasula mabauti, n'kuikankhira kunja, n'kumanganso. Lamba akamakalamba amadyeka n'kukhwepa, ndipo palibe chomubwezera m'malo. Tsono m'mawa sitata imakhala yangomwa kumene magetsi ambiri, alitaneta n'kulimba kuzungulira pofuna kubweza magetsiwo. Lamba wokhwepa amalephera kuigwira, amangoterera pa pule, ndiye kulira mukumvako. Usiku nyali zonse zikayaka, waipa ikupukuta, fani ya mkati ikupemerera, katundu wa alitaneta amachuluka ndipo kutererako kumanyanya. Nyengo ya mvula zimaipiraipira, makamaka ngati chipulasitiki chotchinga kunsi kwa injini chinagwa kalekale, monga zilili ndi magalimoto ambiri oyenda m'misewu yathuyi. Mukangoponda chithaphwi, lamba wanyowa, kanyali kayaka.

Muchite izi mawa m'mawa injini ili yozizira, itazima, kiyi ali m'thumba mwanu. Tsegulani boneti, pezani pamene lamba wayenda mtunda wautali pakati pa mapule awiri, mumukanikize mwamphamvu ndi chala chachikulu. Ayenera kulowa pafupifupi sentimita imodzi yokha. Akamalowa masentimita awiri kapena kuposa, wakhwepa. Kenako muunikeni ndi tochi ya foni mbali ya mkati, yamizeremizere ija. Lamba wabwino amakhala wakuda bii, wosanyezimira. Wopsa ndi kuterera amanyezimira ngati wapakidwa polishi, ena amakhala ndi ming'alu yopingasa kapena tizidutswa tothothoka, ndipo pa alitaneta mumapeza fumbi lakuda la rabala. Mugwireninso muone ngati ali ndi oyilo. Ngati oyilo akudontha kuchokera pa chivundikiro cha injini kapena pa silu ya kutsogolo, lamba watsopano naye adzaterera posachedwa mukapanda kutseka podonthapo. Pomaliza gwirani kapule ka alitaneta muyese kukazunguza ndi dzanja. Kakazungulira lamba ali chiimire, mwaipeza nthenda.

Lamba amene wangokhwepa koma akadali wabwino, ingomumangani. Wonyezimira kapena wong'aluka, sinthani, chifukwa kumumanga kumangobisa vuto kwa masabata ochepa. Pogula, tengani wakaleyo kapena werengani nambala yolembedwa kumsana kwake, kuti mizere ndi utali zifanane. Ndipo chonde muwauze amakaniko asamukoke ngati chingwe cha gitala ndi chitsulo chachitali. Lamba wothina kwambiri amadya mabeyaringi a alitaneta ndi a pampu ya madzi, mwathawa vuto laling'ono n'kugwera lalikulu. Zopaka sopo kapena mafuta pa lamba kuti asiye kulira zija musalole. Phokoso limatha, kuterera kumapitirira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchisunge mumtima, chifukwa chimapha injini. Pa injini yanuyi lamba yemweyo ndi amene amazunguza pampu ya madzi. Tsiku lina kanyali ka batire kakadzayaka mwadzidzidzi muli pa liwiro, osathwanima, AC n'kusiya kuzizira, chizindikiro cha kutentha kwa injini n'kutsatira, dziwani kuti lamba waduka. Pamenepo si nkhani ya magetsi. Patukani pompo muzimitse injini. Mphindi zochepa zoyenda popanda pampu ya madzi n'zokwanira kuwotcha gasiketi kapena kupinda mutu wa injini, ndipo ndalama yake simungaiyerekeze ndi ya lamba.

Tsono zoti dzulo kanyali kayaka osazimanso n'zimene zikundichititsa kuti ndisakutsimikizireni kuti ndi lamba yekha. Mwina wangofika pothera, mwinanso alitaneta nayo yatopa. Chosiyanitsa ndi mita yoyezera magetsi. Wokonza zamagetsi a galimoto aliyense ali nayo, ndipo kuyeza sikutenga mphindi zisanu. Imirirani pomwepo muziona nokha manambala. Mita iikidwe pa DC 20V, waya wofiira pa mutu wa pulasi, wakuda pa mainasi.

Injini ili yozima, batire yodzaza imawerenga 12.6 kapena pafupi pamenepo. Ikawerenga 12.2 ndiye kuti yatsala theka, zomwe sizodabwitsa mutayenda usiku chonchija. Mukaliza injini, nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Kenako yatsani nyali zazikulu, fani ndi AC, wina apondeko moto singano ya kuzungulira kwa injini ifike pa 2,000. Alitaneta yabwino yokhala ndi lamba wabwino imagwirabe pamwamba pa 13.5. Ngati nambala ikukhala pa 12 ndi kanthu, n'kumatsikatsika injini ikulira, galimoto ikudya za m'batire zokha. Ikapitirira 15, ndiye vuto la mbali ina: legyuleta, kachipangizo koletsa magetsi kupitirira muyezo, yafa, alitaneta ikuphika batire, ndipo mudzaona mababu akupsa pafupipafupi, batire ikununkha ngati dzira lowola.

Ndikupatseni chitsanzo cha Probox ina yomwe ndinayeza, yomwe mwiniwake anali atagula kale batire yatsopano. Yozima inawerenga 12.3. Titailiza, popanda choyatsa china chilichonse, inakwera kufika 13.9, mwiniwake n'kunena kuti mwaona, alitaneta ilibe mlandu. Titayatsa nyali ndi AC, nambala inagwa kufika 12.5, lamba n'kuyamba kuimba. Mayeso oyamba aja akanatinamiza tikanalekera pomwepo. Alitaneta inkatha kutulutsa magetsi, koma katundu akachuluka lamba ankaitaya. Mizere yake inali yonyezimira, pule ya alitaneta yotentha yosagwirika. Titaika lamba wina n'kumumanga bwino, inawerenga 14.1 popanda katundu ndi 13.8 zonse zitayaka. Alitaneta sinatsegulidwe n'komwe. Ndi chifukwa chake ndikuumirira kuti aziyeza nyali zili zoyaka.

Lamba akakhala bwino koma nambala osakwera, musalole msanga kuti alitaneta itsitsidwe. Ayambe aona pulagi yaing'ono yolowa kumbuyo kwake ngati sinakhwepe kapena kuchita dzimbiri, natinso yomanga waya wamkulu uja, mitu ya batire ngati ilibe zoyera zija, ndi fyuzi yaikulu yolembedwa ALT m'bokosi la mafyuzi. Njira yachidule ndi kuyeza pa bauti ya waya wamkulu pa alitaneta pomwepo injini ikulira. Pakawerenga 14 pamene pa batire pakuwerenga 12 ndi kanthu, alitaneta ikugwira ntchito, magetsi akutayika panjira.

Zonsezo zikakhala bwino, ndiye vuto lili mkati. Pa magalimoto obwera atayenda kale mitunda yambiri ngati athuwa, kawirikawiri amakhala mabulashi, timakala tiwiri tokhudza pa shafiti yozungulira. Timadyeka pang'onopang'ono, tikafupika timayamba kukhudza mwa apo ndi apo. Kanyali kamathwanima masiku angapo, nthawi zina mukagunda bampu kamazima, kenako tsiku lina kamayaka mpaka kalekale. Mbiri imeneyi ikufananso ndi yanu, kupatula kulira kuja. Mabulashi ndi otsika mtengo, ndipo pa alitaneta za Denso zambiri amasinthidwa mosavuta mukachotsa chivundikiro cha kumbuyo. Wokonzayo ayang'anenso timphete ta kopa tomwe mabulashi amakhudzapo, chifukwa tikakumbika kwambiri mabulashi atsopano sakhalitsa. Madayodi, tizipangizo ta mkati mwa alitaneta towongola magetsi opita ku batire, akafa, zizindikiro zimasiyanako: kanyali kamayaka mozimiririka, alitaneta imalira kaphokoso kokwera ndi kutsika motsatira injini, imatentha kwambiri, ndipo nthawi zina batire imaphwa usiku galimoto ili chiimire. Beyaringi ikatha mumamva kukhuluza, ndipo lamba atachotsedwa, pule imagwedera kapena kukhakhala poizunguza ndi dzanja.

Malangizo anga pamenepa ndi oti mukonzetse alitaneta yanu yomwe inabwera ndi galimoto, ngati mawaya ake amkati sanapse. Yogula yakale kumsika simudziwa kuti mabulashi ake atsala motani, ndipo ngati mwaigula ndithu, iyezedwe pa galimoto panu nyali zili zoyaka musanapereke ndalama yonse.

Mudzakumana ndi wina wofuna kuyeza alitaneta pozula waya wa batire injini ikulira, ati ikazima ndiye kuti yafa. Mukanizeni, ngakhale akhale wamkulu. Njira imeneyo inkapita pa magalimoto akale opanda kompyuta. Batire ndi imene imameza magetsi akalumpha, ndipo mukaichotsa kulumphako kumakafika ku kompyuta ya injini ndi ku madayodi omwe mukufuna kuwayezawo.

Kanyali kakadzayakanso muli panjira, lamba mwamuona kuti alipo ndipo injini sikutentha, mutha kuyenda pang'ono kukafika pa malo a anthu. Zimitsani wayilesi, AC, fani, zulani matchaja a mafoni, ndipo musazimitse injini mpaka mutafika, chifukwa mwina siidzaliranso, komanso ya otomatiki siilira ndi kukankha. Masana, batire ili yodzaza, muwerengere theka la ola kapena kupitirirako pang'ono. Usiku ndi nyali nthawiyo imafupika kwambiri, ndipo ngati chiwongolero chanu n'cha magetsi chimatha kuuma mwadzidzidzi pa kona. Dzulo munafika chifukwa mwina alitaneta inkathirabe pang'ono, koma musadalire zimenezo pa zitunda za msewu wa Salima zija muli ndi miyoyo ya anthu kumbuyo.

Mukakonza, batire yanuyo ikaikidwe pa tchaja usiku wonse idzaze bwinobwino, m'malo moisiyira alitaneta ntchito yonseyo. Ikatero iyezedwe ndi katundu. Poliza injini isagwe pansi pa 9.6, ndipo ikagona usiku ipezeke m'mawa ili pa 12.4 kapena kuposa. Ikalephera pamenepo, ndiye mukagule ina. Mutiuze manambala atatu aja mukayeza, yozima, ikulira, ndi nyali zitayaka, tidzakuuzani choti amakaniko atsegule.